Kusankha dzina la sukulu ya patitaimu: lonjezani zimene zili m'manja mwanu

Kholo limene likufunira mwana wobwereza Fomu 4 malo ophunzirira limakhala litalumidwa kale. Linalipira fizi zaka 4, zotsatira za MSCE zinatuluka, ndipo Chingerezi kapena masamu zinamugwetsa mwanayo. Munthu wotere akawerenga chikwangwani cholembedwa kuti "Nambala Wani" kapena "Kuno Salephera" sasangalala. Amayamba kufunsa mumtima kuti kodi awanso akufuna kundidyera ndalama? Choncho ntchito ya dzina lanu ndi kumutsitsa mtima kuti alowe pageti, adzafunse mafunso, aone yekha.

Lamulo limene ndikufuna muligwiritse pa masitepe onse ali m'munsimu ndi limodzi. Dzina linene zimene inu mungathe kuchita tsiku ndi tsiku, osati zimene MANEB idzalengeze. Kuphunzitsa, kuchonga ntchito, kusunga nthawi ndi kudziwitsa makolo zili m'manja mwanu. Magiredi sali m'manja mwanu, chifukwa wolemba mayeso ndi mwana ndipo wochonga ndi wina. Zotsatira zili ndi malo ake pachikwangwani, koma malowo si m'dzina.

Kuti zimveke bwino, tiyerekeze mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi wa ku Kawale mu Lilongwe. Wachita lendi zipinda ziwiri, ali ndi anzake awiri, wina wa Chingerezi wina wa bayoloje ndi kemisitile, ndipo akufuna kuphunzitsa obwereza MSCE masana ndi anthu apantchito madzulo. Timutcha kuti aphunzitsi athu. Tiyenda nawo mpaka dzina litapezeka.

Poyamba, lembani zimene mumachitadi

Musayambe ndi mndandanda wa maina. Tengani pepala mulembe ziganizo zitatu kapena zinayi zimene kholo lingadzatsimikize ndi maso ake mkati mwa mwezi woyamba. Aphunzitsi athu alemba kuti kalasi silipitirira ana 25, kuti Lachisanu lililonse pali mayeso a mapepala akale a MANEB ndipo amabwezedwa atachongedwa Lolemba, komanso kuti kholo limalandira lipoti pakutha pa mwezi. Onani kuti palibe chiganizo chonena za "maphunziro apamwamba". Mawu otero aliyense amalemba, ndipo palibe kholo limene lingawayeze.

Kenako funsani kuti pa ziganizozo, chimene chikukusiyanitsani ndi anzanu a m'dera lomwelo ndi chiti. Kwa aphunzitsi athu ndi mayeso a sabata ndi sabata aja. Ndiye kuti dzina lawo liyenera kumveka ngati la malo okonzekerako, oyeserera, olimbikira. Wina amene mphamvu yake ndi kuphunzitsa ana a Sitandade 3 ndi 4 kuwerenga angafune dzina lomveka mofatsa, la chiyambi ndi chisamaliro. Mukalumpha sitepe iyi, mudzasankha dzina lokoma m'khutu koma losagwirizana ndi zimene zimachitika m'kalasi mwanu.

Chachiwiri, dzina likhale ndi mbali ziwiri

Mbali yoyamba ndi liwu lokuzindikiritsani, lija anthu azikutchulirani pakamwa. Mbali yachiwiri ndi mawu ofotokoza ntchito, kuti wodutsa pamsewu asaganize kuti ndi sukulu ya mkaka, ya telala kapena yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Mbali yachiwiriyi ikhale yosabisa: "Makalasi a MSCE", "Maphunziro a Madzulo", kapena mawu a Chingerezi amene makolo amalemba akamafufuza pa Facebook, monga `Tuition Centre`. Apa musavutike kufuna zokometsera. Luso lonse lipite ku mbali yoyamba.

Liwu lozindikiritsa limachokera kumalo atatu, ndipo kulikonse kuli phindu ndi mtengo wake.

Mungatenge dzina la malo, monga Kawale, Chilomoni kapena Chibavi. Dzina la malo silidzitama ngakhale pang'ono, ndipo limauza kholo kuti muli pompano, likhoza kukupezani zinthu zikavuta. Vuto lake ndi lakuti limakumangirirani. Lendi ikakwera n'kusamukira ku Biwi, dzina la Kawale limayamba kusocheretsa anthu. Komanso dzina la dera si la munthu mmodzi, mawa wina adzatsegula yake ndi dzina loyandikana nalo ndipo simudzakhala ndi pomugwira. Ngati mukufunabe malo, sankhani chinthu chokhalitsa chimene anthu a dera lonse amachidziwa, monga phiri kapena mtsinje, osati msewu umodzi.

Mungatenge dzina lanu. Kwathu kuno makolo ambiri amatsata munthu, osati nyumba. Amati "ndamupititsa kwa aphunzitsi aja a masamu". Ngati mwaphunzitsa zaka zambiri m'deralo ndipo ana anu akale ndiwo akukutumizirani azing'ono awo, dzina lanu ndi chuma, ndipo kuliika pachikwangwani n'kunena kuti zikalakwika wofunsidwa ndine. Palibe chikhulupiriro choposa pamenepo. Koma ganizirani kutsogolo. Kholo lolipira chifukwa cha dzina lanu limayembekezera kuti mwana aziphunzitsidwa ndi inu, ndipo likamva kuti kalasi lonse lili m'manja mwa mnyamata amene mwangomulemba ntchito, limaona ngati lanamizidwa. Ngati muli atatu monga aphunzitsi athu, dzina la mmodzi limabala nsanje, ndipo tsiku logawana zinthu pamakhala mkangano wa kuti mbiri ndi ya yani. Kwa iwo njira iyi yatsekeka.

Njira yachitatu ndiyo ili ndi zambiri: liwu lonena khalidwe kapena ntchito. Apa ndi pamene anthu amaterereka, chifukwa mawu a khalidwe ndi mawu a matama amakhala moyandikana. Siyanitsani chonchi. Liwu lonena zimene timachita, monga Khama, Maziko, Tikonzekere, Tiyesenso, ndi lonjezo limene mungalisunge. Liwu lonena kuti taposa ena kapena tafika kale, monga Akatswiri, Opambana, Odziwa Zonse, ndi chigamulo chimene mwadzipatsa nokha, pomwe ogamula anayenera kukhala makolo. Chichewa chili ndi mwayi wina pano: maina oyamba ndi "Ti-" amamuika mwana ndi mphunzitsi mbali imodzi. "Tikonzekere" akuitana. "Tapambana" akudzichemerera. Kusiyana kwake ndi kochepa papepala koma kwakukulu m'khutu la kholo.

Chachitatu, yesani dzina lililonse ndi chaka choipa

Lembani maina 10 kapena 12, kenako muwaike pa mayeso awa. Yerekezani kuti zotsatira zatuluka ndipo chaka chino sizinayende. Mwa ana 40 amene munawaphunzitsa, 17 okha ndiwo apeza satifiketi. Mayi wina wabwera, waima pansi pa chikwangwani chanu, mwana wake wapezanso 9 m'Chingerezi. Kodi dzina lanu mungalitchule pamaso pake osagwetsa nkhope?

Aphunzitsi athu anali ndi dzina limene ankalikonda kwambiri, "Mapointi 6". Likumveka lamphamvu chifukwa aliyense akudziwa kuti mapointi 6 ndiwo mapeto a kukhoza pa MSCE: giredi 1 m'maphunziro onse 6 owerengedwa. Koma ana opeza zimenezi ndi ochepa kwambiri m'dziko lonse, ndipo wobwereza wawo sakufuna zimenezo. Akufuna kuchotsa 9 m'Chingerezi kuti satifiketi ituluke, kapena kukweza 7 ya masamu ifike pa kirediti, kutanthauza giredi 6 kapena yabwino kuposa apo, kuti akwanitse makirediti 6 ofunika pofunsira malo ku yunivesite za boma. Dzina la "Mapointi 6" limalonjeza chinthu chimene pafupifupi mwana aliyense wolowa pakhomopo sadzachipeza, ndipo chaka chilichonse lidzakhala likudzitsutsa lokha. Akuluakulu anati ng'oma yolilitsa sichedwa kung'ambika. Dzinali lagwa.

"Chipambano" nalonso lagwa pa chifukwa chomwecho, ngakhale kuti silikuwa kwambiri. "Khama" layima, chifukwa ngakhale chaka choipa mungathe kuonetsa mayi uja mulu wa mapepala a Lachisanu ochongedwa ndi kaundula wa masiku amene mwana anajomba. "Maziko" layima. "Tikonzekere" layima.

Pali mayeso ena apafupi ndi awa, a manyazi a mwana. Wobwereza Fomu 4 ndi munthu wa zaka 18, 19 kapena kuposa, anzake ena ali ku koleji. Dzina la "Tiyesenso" ndi loona ndiponso lodzichepetsa, koma mnyamata akafunsidwa m'minibasi kuti ukuphunzira kuti, kuyankha kuti "ku Tiyesenso" kuli ngati kuulula kuti ndinalakwa mayeso. Bambo wapantchito wobwera madzulo safunanso kuti anzake a kuofesi adziwire pa dzina. Olipira ndi makolo, inde, koma wonyamula dzinalo pakope ndi pakamwa ndi wophunzira. Aphunzitsi athu alichotsa, ngakhale kuti ine ndimalikonda.

Chachinayi, chotsani mawu okuvekani chovala cha eni

Kudzitama kwina sikuoneka ngati kudzitama. Ndi kuja kotenga liwu lalikulu kuposa chimene muli. Zipinda ziwiri za lendi zikatchedwa koleji, kapena dzina likakhala ndi mawu onena kuti ndi ya mayiko onse, kholo limafika likuyembekezera nyumba zosanja ndi labu, n'kupeza mabenchi 12 ndi bolodi. Zimene laona zikachepera zimene dzina linanena, limayamba kukayikira china chilichonse chimene munene, ngakhale choona. Mawu a koleji ndi yunivesite alinso ndi eni ake: maphunziro a pamwamba amayang'aniridwa ndi bungwe la NCHE, a ntchito zamanja ndi TEVETA, ndipo inu simuli m'gulu limenelo.

Musaike MANEB m'dzina, ndipo musalembe chilichonse chopangitsa anthu kuganiza kuti ndinu nthambi yake kapena muli ndi njira yakuseri yopezera mayeso. Kunena m'munsi kuti mumakonzekeretsa ana mayeso a MSCE, JCE kapena PSLCE n'kufotokoza ntchito, palibe vuto. Koma dzina lonunkhira "likasa" limakopa makolo olakwika ndipo lingakuitanireni apolisi nyengo ya mayeso. Chimodzimodzi mawu okupangitsani kuoneka ngati a boma. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbendera, zizindikiro ndi maina ena a dziko kuti asagwiritsidwe ntchito pa malonda popanda chilolezo, choncho musajambule chizindikiro cha boma pachikwangwani, ndipo mawu onena za fuko kapena boma asiyeni.

Dzina la sukulu yotchuka ya sekondale, ya mishoni kapena ya boma, si lanu ngakhale munaphunzirako kapena kuphunzitsako. Mbiri yanuyo inenedwe pokambirana ndi kholo, osati kubwerekera dzina. Za maina achipembedzo ndingonena mwachidule: amapereka chikhulupiriro kwa a mpingo umodzi n'kutalikitsa ena. Ku Mangochi kapena ku Machinga, kumene Asilamu ndi ambiri, dzina la m'Baibulo lingakuchepetsereni ana popanda wina kukuuzani chifukwa, ndipo kwinanso zikhoza kukhala mosemphana. Ngati sukuluyo si ya mpingo kapena mzikiti, lingalirani kawiri.

Chachisanu, litulutseni panja

Aphunzitsi athu atsala ndi atatu: Khama, Maziko, Tikonzekere. Tsopano dzina lichoke papepala, chifukwa dzina la patitaimu limayenda pakamwa: kutchalitchi, kumsika, pagulu la WhatsApp la makolo, kwa wakabaza amene akulozeredwa njira.

Imbirani foni anthu asanu amene sanamvepo za mainawa, makamaka makolo a ana a sekondale, osati anzanu aphunzitsi. Tchulani dzina kamodzi, muwapemphe akutumizireni uthenga atalilemba. Ngati awiri mwa asanu alilemba mosiyana, ndiye kuti pofufuza pa Facebook sadzakupezani, ndipo polipira fizi pa Airtel Money kapena Mpamba adzakayika ngati dzina lotuluka pafoni ndi lanu. Kenako afunseni funso limodzi: mukamva dzina ili, mukuganiza kuti kumeneko kumachitika chiyani? Musawafunse ngati alikonda, chifukwa mwaulemu wathu onse adzati "ndi labwino kwambiri, aphunzitsi". Pakapita masiku atatu, afunseni ngati akulikumbukira.

Pa mayeso amenewa "Maziko" lapunthwa. Tiyerekeze kuti atatu mwa asanu aja ayankha kuti ndi sukulu ya mkaka kapena ya ana a pulayimale, chifukwa maziko amaikidwa poyamba. Ndi dzina labwino kwa wophunzitsa ana kuwerenga, koma si la obwereza Fomu 4. "Tikonzekere" lamveka msanga kuti ndi za mayeso, koma ndi lalitali, ndipo anthu adzalidula. Dzina lililonse loposa maphatikizo a malembo atatu kapena anayi limadulidwa, choncho liduleni nokha muone chimene chitsale, ndipo onaninso zilembo zoyamba za mawu onse ngati sizikupanga liwu loseketsa kapena lotukwana. Ana a sekondale sachedwa kupeza zoterezi. Ngati muli kudera la Chitumbuka, Chiyao, Chisena kapena Chilomwe, funsani mwini chiyankhulo ngati liwulo lilibe tanthauzo lina kumeneko.

Pomaliza lembani dzinalo pakatoni ndi makala kapena penti, kukula kwake ngati kwa chikwangwani chenicheni, mulipachike, muwoloke msewu. Ngati simungaliwerenge muli tsidya, wokwera minibasi sadzaliwerenga. "Khama" ndi zilembo zisanu, zimakula bwino pabolodi laling'ono.

Chachisanu ndi chimodzi, fufuzani ngati lilibe mwini, kenako lembetsani

Ubwino wa "Khama" ndiwonso vuto lake: liwu lalifupi lodziwika limakhala kuti ena analitenga kale, pa golosale, pa sukulu, pa gulu la banki m'khonde. Yendani m'dera lanu ndi madera oyandikana nalo, fufuzani pa Facebook ndi pa Google Maps, funsani aphunzitsi anzanu. Golosale ya dzina lomwelo si vuto lalikulu. Sukulu kapena patitaimu ina ya dzina lomwelo mumzinda womwewo ndi vuto, chifukwa mbiri yawo yoipa idzakhala yanu ndipo fizi yanu ina idzasochera kwa iwo. Mankhwala ake ndi kuphatikiza liwulo ndi lina lokuzindikiritsani. Aphunzitsi athu aganiza za mtsinje wa Lilongwe umene uli chapafupi, n'kufika pa "Khama la Pamtsinje", koma aona kuti likutalika ndipo likumveka ngati dimba. Abwerera ku "Tikonzekere", ataona kuti anthu akalidula likhala "Tikonze", limene silichititsa manyazi.

Musalipire wojambula chikwangwani, chidindo, malisiti kapena mayunifomu dzina lisanavomerezedwe. Bizinesi imalembetsedwa ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, motsatira lamulo la 2012, ndipo zambiri zimachitika pa intaneti kudzera pa webusaiti yolembetsera mabizinesi ya MBRS. Kumeneko amayamba aona ngati dzinalo silikufanana ndi lina lolembetsedwa kale, choncho pitani ndi maina awiri kapena atatu amene apambana mayeso onse aja, osati limodzi. Dzina limene lili pasatifiketi likhale lomwelo pachikwangwani, palisiti ndi pa akaunti yolandirira fizi. Kholo likatumiza ndalama n'kuona pafoni dzina la munthu wosamudziwa, chikhulupiriro chimene dzina lanu linamanga chimagwa nthawi yomweyo.

Dziwaninso malire a satifiketiyo. Kulembetsa dzina la bizinesi sikutanthauza kuti Unduna wa Zamaphunziro wakuvomerezani ngati sukulu, ndiponso sikukupangani senta yolemberako mayeso a MANEB. Chiphaso cha malonda cha ku khonsolo ndi nkhani inanso. Choncho mawu akuti "yovomerezeka ndi boma" musawalembe pokhapokha mutanena kuti yovomerezeka ndi ofesi iti, pa chiyani. Kholo la wobwereza lidzafunsa kuti mwana akalembera kuti mayeso, ndipo yankho loona liyenera kukhala lokonzeka.

Zotsatira ziikeni pamzere wosinthika

Tsopano tafika pa funso limene mwina lakhala likukuvutani: ngati dzina silinena za kukhoza, makolo adziwa bwanji kuti ana amakhoza? Adziwira pa mzere wa pansi pa dzina, umene mumausintha chaka ndi chaka. Uzani wojambula kuti dzina ndi mawu ofotokoza ntchito alembe pabolodi lalikulu, koma m'munsi asiye kabolodi kena komangirira ndi misomali kapena mawaya.

Chaka choyamba mulibe zotsatira, ndipo musabwereke za kusukulu kumene munkaphunzitsa ngati kuti ndi za pano. Lembani zimene munalemba pa sitepe yoyamba ija. Chikwangwani cha aphunzitsi athu chikhala chotere: pamwamba "Tikonzekere", pakati "Makalasi a MSCE, masana ndi madzulo", pansi "Ana 25 pakalasi. Mayeso Lachisanu lililonse. Lipoti kwa makolo mwezi uliwonse."

Zotsatira zikatuluka, lembani manambala awiri ndi chaka, osati peresenti yokha. "MSCE chaka chatha: analemba 38, anakhoza 29" imakhulupirika kuposa "76%", ndipo imakhulupirika kwambiri kuposa "100%", chifukwa aliyense akudziwa kuti peresenti yokwana imapezeka posawerenga ana amene analephera kapena powaletsa ofooka kulembetsa. Werengani mwana aliyense amene anakhala nanu mpaka nthawi ya mayeso. Kwa obwereza pali nambala ina yonena zambiri: kusintha kwa giredi. Polandira mwana, jambulani zotsatira zake zakale musunge, kuti chaka chamawa mudzathe kunena kuti mwa 20 amene anabwera ndi 9 m'masamu, 13 anakhoza. Sungani mapepalawo mufayilo kuti kholo lofuna umboni liuone, mutabisa maina. Kutsatsa malonda monama ndi nkhani imene anthu angathe kukadandaula ku bungwe loteteza ogula la CFTC, choncho nambala iliyonse ya pachikwangwani ikhale ndi pepala kumbuyo kwake. Dzina kapena chithunzi cha mwana wokhoza bwino musachiike popanda chilolezo cholemba cha iye ndi kholo lake.

Nanga amene muli kale ndi dzina la matama ndipo anthu alizolowera? Musalifufute usiku umodzi, chifukwa makolo adzaganiza kuti mwathawa ngongole kapena mlandu. Lembetsani dzina latsopano kaye, kenako kwa chaka chimodzi cha sukulu lembani onse awiri, latsopano m'zilembo zazikulu ndi lakale m'munsi mwake ndi mawu akuti "kale inkatchedwa". Nthawi yabwino yoyambira ndi masabata a pakati pa kutha kwa mayeso a MSCE ndi kutuluka kwa zotsatira, gulu lakale litachoka ndipo latsopano lisanayambe kufunsa malo. Nambala ya foni ndi akaunti yolandirira fizi zisasinthe m'chaka chimenecho, ndipo makolo a ana amene akupitiriza alandire kalata yofotokoza kusinthako asanaone chikwangwani chatsopano.